Lamulo la Ofusaidi: Mmene Limagwirira Ntchito ndi Gwero la Mikangano Yake

Mwa malamulo 17 amene amayendetsa masewera a mpira wamiyendo, lamulo la nambala 11, lomwe limanena za ofusaidi, si lalitali likalembedwa papepala, komabe ndi lomwe limautsa mapokoso ochuluka pabwalo ndiponso pakati pa ochemerera. Wokonda mpira wokhala ku Chaisa, komboni yomwe ili m'mbali mwa msewu wa Great North mumzinda wa Lusaka, amakumana ndi lamuloli m'malo atatu osiyana. Malo oyamba ndi bwalo lafumbi la m'komboni, pomwe nthawi zambiri sipakhala mizere yooneka bwino ndipo woyimbira amakhala yekha. Malo achiwiri ndi mabwalo aakulu monga National Heroes, lomwe linatsegulidwa mu 2014 chakumpoto kwa mzindawu, Sunset la Zanaco ndi Nkoloma la Red Arrows, komwe woyimbira amakhala ndi omuthandiza awiri onyamula mbendera. Malo achitatu ndi kanema wa m'nyumba kapena wa m'malo oonetsera mpira, momwe masewera a ku Ulaya amaimitsidwa, kubwerezedwa ndi kujambulidwa mizere. Mawu a lamulo ndi amodzimodzi m'malo onse atatuwa, koma njira yoonera ndi yosiyana, ndipo mikangano yambiri imabadwa pamene chigamulo choperekedwa ndi maso a munthu mmodzi chiyezedwa ndi muyezo wa kanema.

Mafunso atatu a lamulo

Lamulo la ofusaidi limamveka bwino likagawidwa m'mafunso atatu amene woyimbira amayenera kuyankha motsatana, omwe ndi akuti wosewerayo anali pati, anali pamenepo nthawi iti, ndipo anachitapo chiyani. Funso loyamba ndi la malo. Wosewera amakhala pamalo a ofusaidi ngati mbali iliyonse ya mutu, thupi kapena mapazi ake ili m'chigawo cha adani, ndipo ili pafupi ndi mzere wa golo la adaniwo kuposa mpira komanso kuposa mdani wachiwiri kuchokera kumzerewo. Manja ndi mikono saziwerengera, kaya ndi za womwetsa zigoli, wotseka kumbuyo kapena golokipa, ndipo malire a mkono amayambira m'munsi mwa khwapa. Wosewera amene ali pamzere umodzi ndi mdani wachiwiriyo sali pa ofusaidi, amene ali kumbuyo kwa mpira sali pa ofusaidi ngakhale adani onse atawasiya m'mbuyo, ndipo amene ali m'chigawo cha timu yake, kuphatikizapo pamzere wapakati penipenipo, nayenso sali pa ofusaidi.

Funso lachiwiri ndi la nthawi, ndipo ndi pamene ochemerera ambiri amasokonekera. Malo a wosewera amayezedwa pa kamphindi kamene mnzake wa timu yomweyo wakhudza mpira pomupatsira, osati pamene iyeyo waulandira. Motero wosewera akhoza kulandira mpira ali yekhayekha mamita 10 kuseri kwa otseka kumbuyo onse koma osalakwa kanthu, ngati anayamba kuthamanga ali pamalo oyenera. Ndipo wina akhoza kuulandira ali pakati pa adani atatu koma n'kukhala wolakwa, ngati anali kuseri kwawo pamene mpirawo unkamenyedwa, kenaka n'kubwerera. Diso la wochemerera limatsata mpira, ndipo pofika pomwe wagwera limapeza zinthu zitasintha kale, choncho chithunzi chimene wochemererayo amasunga m'mutu ndi cha nthawi yolakwika.

Funso lachitatu ndi la zochita, pakuti kungokhala pamalo a ofusaidi si mlandu. Mlandu umayamba pamene wosewerayo walowerera m'masewera mwa njira imodzi mwa zitatu: kukhudza mpira umene mnzake wamupatsira, kusokoneza mdani, kapena kupindula ndi malo akewo posewera mpira umene wabwerera utagunda mtengo wa golo, woyimbira kapena mdani. Lamuloli silimanga wosewera amene walandira mpira mwachindunji kuchokera pa kona, pa golokiki kapena poponya mpira umene unatuluka m'mbali. Chilango chake ndi firikiki yomwe singagoletsedwe mwachindunji popanda wosewera wina kuukhudza mpirawo, ndipo n'chifukwa chake woyimbira amakweza dzanja m'mwamba akatha kuliza wezulo.

Mdani wachiwiri si wotseka kumbuyo womaliza

M'makambirano a tsiku ndi tsiku anthu amati wosewera ali pa ofusaidi akapitirira wotseka kumbuyo womaliza, ndipo mawu amenewa amakhala oona nthawi zambiri chifukwa golokipa ndiye amakhala pafupi kwambiri ndi mzere wa golo, zomwe zimachititsa kuti wotseka kumbuyo womalizayo akhale mdani wachiwiri. Koma lamulo silitchula golokipa m'pang'ono pomwe. Limangowerenga adani awiri, kaya ndi ndani. Golokipa akatuluka n'kupita patsogolo, kawerengedwe kamasintha, ndipo wotseka kumbuyo mmodzi yekha sakwaniranso.

Chitsanzo chodziwika bwino kumwera kwa Africa kuno ndi cha masewera otsegulira mpikisano wa chikho cha dziko lonse pa 11 Juni 2010, pamene South Africa inakumana ndi Mexico pabwalo la Soccer City ku Johannesburg. M'chigawo choyamba Mexico inamenya kona, golokipa Itumeleng Khune anatuluka kuti akaufikire mpirawo koma sanaugwire, wosewera wina wa Mexico anaupatutsa kulowera kugolo, ndipo Carlos Vela anaulowetsa mu ukonde. Pamzere wa golo panali Steven Pienaar, ndipo ambiri oonera anaganiza kuti iyeyo anali wokwanira kuchotsa ofusaidi. Mbendera inakwera ndipo chigolicho chinakanidwa, zomwe zinali zolondola, chifukwa pa kamphindi kamene mpira unapatutsidwa panali mdani mmodzi yekha pakati pa Vela ndi mzere wa golo, pomwe Khune, yemwe panthawiyo ndiye anali mdani wachiwiri, anali atatsala kumbuyo kwa Vela. Nkhaniyi ikuonetsanso malire a ufulu wa pa kona: ufuluwo ndi wa amene walandira mpira mwachindunji kuchokera kwa womenya kona, ndipo ukangokhudzidwa ndi mnzake wina lamulo limayambanso kugwira ntchito. Masewerawo anatha 1-1.

Mmene lamuloli linafikira pamene lili

Cholinga cha lamuloli ndi kuletsa osewera kungoima pafupi ndi golo la adani n'kumadikirira mipira yaitali, khalidwe lomwe limaoneka msanga ana akamasewera chimpombwa, mpira womangidwa ndi mapepala apulasitiki womwe ku Malawi amautcha chikulunga, pakuti m'masewera otero sipalephera kupezeka mmodzi wokhazikika pambali pa golokipa. M'malamulo oyamba a bungwe la mpira la ku England a mu 1863, wosewera aliyense amene anali patsogolo pa mpira sankaloledwa kuusewera. Mu 1866 lamulo linafewetsedwa kuti wosewera akhale womasuka ngati pali adani atatu pakati pa iye ndi mzere wa golo. Patapita zaka, otseka kumbuyo monga Bill McCracken wa Newcastle United anaphunzira kusuntha patsogolo pa nthawi yoyenera kuti akole adani mumsampha, mpaka zigoli zinachepa, ndipo mu 1925 chiwerengerocho chinatsitsidwa kuchoka pa atatu kufika pa awiri. Zotsatira zake zinaoneka nthawi yomweyo, popeza mu ligi yaikulu ya ku England zigoli zinakwera kuchoka pa 1,192 m'nyengo ya 1924/25 kufika pa 1,703 m'nyengo yotsatira.

Kusintha kwina kunabwera mu 1990, pamene bungwe la IFAB, lomwe ndi losunga malamulo a mpira, linagamula kuti wosewera wokhala pamzere umodzi ndi mdani wachiwiri asayesedwenso wolakwa, ndipo mu 2005 linalongosola tanthauzo la kulowerera m'masewera komanso ziwalo za thupi zoyenera kuwerengedwa. Mbiri imeneyi ili ndi gawo lake m'mikangano ya masiku ano, chifukwa pabwalo limodzi pamakhala mibadwo yosiyana. Akuluakulu amene anasewera mpira zaka za m'ma 1970 ndi 1980, omwe ena mwa iwo amasewerabe m'matimu a madala kumapeto kwa sabata, anakula pa nthawi imene mbendera inkakwera msanga wosewera akangopezeka pamalo olakwika, pomwe achinyamata azolowera kuona wosewera ataima kuseri kwa onse popanda kulangidwa. Mkulu ndi mnyamata akamatsutsana za chigoli chimodzi, nthawi zina aliyense amakhala akunena zoona za lamulo la m'nthawi yake.

Vuto la maso a wonyamula mbendera

Wothandiza woyimbira, yemwe ambiri amamutchabe lainzimani, amapatsidwa ntchito yoona zinthu ziwiri pa kamphindi kamodzi, zomwe ndi phazi la wopatsira mpira ndi mzere wa mdani wachiwiri, chonsecho zinthu ziwirizi zikhoza kutalikirana mamita 30 kapena 40. Kuti akwanitse, amaphunzitsidwa kuima pamzere umodzi ndi mdani wachiwiri, kapena ndi mpira ngati mpirawo ndiwo uli pafupi ndi golo, kuyenda cham'mbali nkhope itayang'ana m'bwalo, ndi kugwiritsa ntchito ngodya ya diso ndiponso khutu pofuna kudziwa nthawi imene mpira wamenyedwa. Ofufuza a ku Amsterdam, otsogozedwa ndi Raôul Oudejans, anafalitsa mu 2000 m'magazini ya sayansi ya Nature zotsatira zoonetsa kuti zolakwa zambiri zimachokera pa malo amene wothandizayo waima, osati pa kusadziwa lamulo.

Mfundoyi imamveka bwino ndi masamu apafupi. Wotseka kumbuyo waima mamita 20 kuchokera pamzere wam'mbali pomwe pali wonyamula mbendera, ndipo womwetsa zigoli ali pamzere umodzi ndi iye koma kutsidya kwake, mamita 40 kuchokera pamzere wam'mbaliwo. Ngati wonyamula mbendera wapitirira mzere wa ofusaidi ndi mita imodzi kulowera kugolo, diso lake limadutsa pa wotseka kumbuyoyo mopendekera, ndipo pofika pa mamita 40 mzere wa diso lakewo umakhala utabwerera m'mbuyo ndi mita imodzi. Womwetsa zigoli, yemwe sanalakwe, amaoneka ngati wapitirira ndi mita yathunthu, ndipo mbendera imakwera molakwika. Womwetsa zigoliyo akanakhala mbali ya kuno, mamita 10 kuchokera pamzere wam'mbali, zinthu zikanatembenuka: akanatha kupitirira ndi masentimita 30 kapena 40 koma n'kuoneka ngati ali bwino. Kuphonya malo ndi sitepe imodzi yokha n'kokwanira kusintha chigamulo, ndipo mbali imene chigamulocho chingapendekere imadalira komwe wosewera wadutsira.

Khutu nalonso lili ndi malire ake. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, choncho kulira kwa mpira womenyedwa pa mtunda wa mamita 34 kumafika patadutsa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Wosewera wothamanga mamita 8 pa sekondi amakhala atasuntha masentimita 80 m'kanthawi kameneko, ndipo ngati wotseka kumbuyo akuthamangira kutsogolo kuti atchere msampha, mpata wa pakati pawo umakula koposa. Palinso chizolowezi cha ubongo choona chinthu chothamanga ngati chili patsogolo pang'ono kuposa pamene chili, zomwe zimachititsa kuti zolakwa zambiri zikhale zokweza mbendera pa wosewera wosalakwa. Kafukufuku wa Werner Helsen ndi anzake pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse wa 2002 anapeza kuti pafupifupi chimodzi mwa zigamulo zinayi zilizonse za ofusaidi chinali cholakwika, ngakhale kuti amene ankagamula anali osankhidwa mwa akatswiri a dziko lonse. N'chifukwa chake othandiza oyimbira amalangizidwa kuti akakayika asakweze mbendera.

Ngati zili choncho kwa munthu amene waima pafupi ndi mzere, wochemerera ali pamavuto aakulu koposa. Pabwalo la National Heroes pali njira yothamangiramo pakati pa udzu ndi mipando, ndipo amene wakhala kuseri kwa golo amaona osewera atandandalikana kutsogolo kwake, osatha kuzindikira kuti wapitirira mnzake ndani. Mwa anthu zikwizikwi a m'bwalo, ndi ochepa okha amene mipando yawo imakhala pamzere wa ofusaidi pa kamphindi kofunikako, ndipo ngakhale iwowo maso awo amakhala pa mpira. Pabwalo la m'komboni vutoli limagwera woyimbira mwiniwake, amene amagamula ali pakati pa bwalo, kumbuyo kwa masewera, popanda womuthandiza, kapena mothandizidwa ndi anthu ongodzipereka ochokera kumatimu omwe akusewerawo, pamene oonerera aima m'mphepete mpaka kuphimba mzere. Chigamulo chotere chimakhala chongoyerekeza, ndipo timu yolangidwa imafulumira kunena kuti refu wagulidwa, ngakhale pamene chifukwa chenicheni ndi malo amene anaima.

Pamene lamulo limasiyira woyimbira kuti aganize

Mafunso a malo ndi nthawi ali ndi yankho limodzi loona, ngakhale kuti kulipeza n'kovuta, koma funso la zochita lili ndi mbali zimene anthu awiri odziwa lamulo akhoza kusiyana maganizo. Kusokoneza mdani, malinga ndi lamulo, kumatanthauza kutchinga maso ake moonekeratu, kulimbirana naye mpira, kuyesa kusewera mpira umene uli pafupi mwa njira yokhudza mdaniyo, kapena kuchita china chilichonse choonekeratu chimene chikumulepheretsa kusewera mpirawo. Wosewera wapakati akamenya mpira kuchokera kunja kwa bokosi n'kugoletsa, pamene mnzake waima pamalo a ofusaidi mamita atatu kutsogolo kwa golokipa osaukhudza, woyimbira amayenera kuweruza ngati golokipayo anabisidwa mpira kapena ankauona bwinobwino. Palibe chingwe choyezera zimenezi. Golokipa adzanena kuti sanaone kanthu, womwetsa chigoli adzanena kuti mnzakeyo anali pambali, ndipo kanema wojambulidwa cham'mbali sangaonetse zimene maso a golokipa ankaona.

Nkhani ina yovuta ndi ya mpira umene wakhudzidwa ndi wotseka kumbuyo usanafike kwa wosewera amene anali pa ofusaidi. Lamulo limasiyanitsa zinthu zitatu. Mpira ukangomugunda wotseka kumbuyo n'kupatuka, ofusaidi imakhalapobe. Akautchinga mwadala pamene unkalowa kapena kuyandikira kwambiri golo, monga amachitira golokipa, ofusaidi imakhalaponso. Koma akausewera mwadala, monga kuyesa kupatsira mnzake kapena kuuchotsa, n'kulakwitsa, ofusaidi imafafanizika chifukwa mpirawo umatengedwa kuti wachokera kwa mdani. Pa 10 Okutobala 2021, m'masewera omaliza a mpikisano wa Nations League ku Milan, Kylian Mbappé anali pamalo a ofusaidi pamene Theo Hernández ankamupatsira mpira, koma Eric García wa Spain anadziponya pansi kuti autseke ndipo anangoukhudza pang'ono. Oyimbira anatenga zimenezo ngati kusewera mwadala, chigolicho chinavomerezedwa, ndipo France inapambana 2-1. Ambiri anadandaula kuti wotseka kumbuyo analangidwa chifukwa choyesa kugwira ntchito yake, popeza akanangousiya mpirawo chigolicho chikanakanidwa.

Mu Julayi 2022 mabungwe a IFAB ndi FIFA anatulutsa malangizo atsopano onena kuti kusewera mwadala kumafuna kuti wosewerayo akhale ndi mpata wolamulira mpira. Woyimbira amayang'ana ngati mpirawo unachokera patali ndipo wosewerayo ankauona bwino, ngati sunali wothamanga kwambiri, ngati sunabwere modzidzimutsa, ngati wosewerayo anali ndi nthawi yokonza thupi lake m'malo mongotambasula mwendo mwangozi, ndiponso ngati unali pansi kapena m'mwamba. Malangizowa anachepetsa zigamulo zodabwitsa, koma mawu monga akuti patali kapena wothamanga kwambiri amafunabe munthu woti awatanthauzire pa kamphindi kochepa.

Zimene kanema wathetsa ndi zimene walephera

Njira yothandiza woyimbira pogwiritsa ntchito kanema, yodziwika ndi zilembo za VAR, inayesedwa koyamba mumpikisano wa FIFA pa chikho cha makalabu cha mu 2016 ku Japan, komwe masewera omaliza a Real Madrid ndi Kashima Antlers anayimbiridwa ndi Janny Sikazwe wa ku Zambia. Inalowa m'malamulo mu 2018, ndipo mumpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2019 ku Egypt, kuyambira m'ndime ya matimu 8 omaliza. Ntchito yake pa ofusaidi ndi kuimitsa chithunzi pa kamphindi kamene mpira wakhudzidwa ndi kujambula mizere pa chiwalo chomwe chili patsogolo cha wosewera aliyense. Zolakwa zazikulu, monga chigoli cha Carlos Tevez cha Argentina polimbana ndi Mexico mu 2010, chomwe chinavomerezedwa iye ali pa ofusaidi yoonekeratu, sizingadutsenso pomwe pali njirayi. Ochemerera a ku Zambia anaona zimenezi pa 22 Julayi 2023, pamene timu ya amayi ya Copper Queens inasewera ndi Japan ku Hamilton m'dziko la New Zealand: zigoli ziwiri za Japan zinakanidwa chifukwa cha ofusaidi kanema ataunikidwa, ngakhale kuti Japan inapambanabe 5-0.

Komabe kanema naye ali ndi malire amene angawerengedwe. Kamera yojambula zithunzi 50 pa sekondi imasiya mpata wa masekondi 0.02 pakati pa chithunzi ndi chinzake. M'kanthawi kameneko wosewera wothamanga mamita 8 pa sekondi amasuntha masentimita 16, ndipo wotseka kumbuyo wolowera kwina pa liwiro la mamita 4 pa sekondi amasuntha masentimita 8, kutanthauza kuti mpata wawo ukhoza kusintha ndi masentimita 24. Ngati phazi linakhudza mpira pakati pa zithunzi ziwiri, woyang'anira kanema amasankha chimodzi, ndipo chigoli chokanidwa chifukwa cha masentimita 5 chimadalira kusankhako. Pofuna kuchepetsa vutoli, pa mpikisano wa ku Qatar wa 2022 anagwiritsa ntchito makamera 12 otsata malo 29 pathupi la wosewera aliyense ka 50 pa sekondi, pamodzi ndi kachipangizo ka mkati mwa mpira kotumiza uthenga ka 500 pa sekondi. Mumpikisano umenewo, pa 22 Novembala, zigoli zitatu za Argentina zinakanidwa m'chigawo choyamba cha masewera ake ndi Saudi Arabia, ndipo Argentina inagonja 2-1.

Kulondola kotereku kwabweretsa mkangano wa mtundu wina. Lamulo linakhazikitsidwa kuti liletse wosewera kupeza mwayi wosayenera, koma palibe amene angatsimikize kuti nsonga ya nsapato kapena phewa lopitirira pang'ono limapereka mwayi uliwonse. Woyimbira amagamula malinga ndi mawu a lamulo, wochemerera amaweruza malinga ndi cholinga chake, ndipo pa masentimita ochepa ziwirizi zimasiyana. Arsène Wenger, yemwe amayang'anira chitukuko cha mpira ku FIFA, anapereka ganizo mu 2020 lakuti wosewera asayesedwe wolakwa ngati chiwalo chake chilichonse chogoletsera chikadali pamzere umodzi ndi mdani wachiwiri. Ganizoli lingakomere omwetsa zigoli, koma silingachotse mzere. Lingangousunthira kwina, ndipo pamalo atsopanowo padzakhalanso osewera opitirira ndi masentimita awiri.

Kanema wasinthanso kachitidwe ka wonyamula mbendera. Pomwe pali VAR, iye amalangizidwa kuchedwetsa mbendera ngati akukayika ndipo pali mwayi wa chigoli, kuti masewera afike kumapeto kenaka aunikidwe, pakuti chigoli cholakwika chingathe kufafanizidwa koma mwayi woimitsidwa molakwika sungabwezedwe. Pomwe palibe VAR, monga m'masewera ochuluka a m'ligi za m'dziko ndi onse a m'makomboni, wothandizayo amangodikira kuti aone ngati wosewera amene ali pa ofusaidi ndiye alowerere, kenaka amagamula komweko popanda womukonza. Wochemerera amene Loweruka madzulo waonera ligi ya ku England pa kanema, ndipo Lamlungu wapita ku Nkoloma kapena kubwalo la pafupi ndi kwawo, amaona mbendera ikuchedwa kwina ndi kufulumira kwina, ndipo n'zosavuta kuti aganize kuti mmodzi mwa awiriwo sadziwa ntchito.

Kusiyanitsa mitundu ya mikangano

Zonsezi zikusonyeza kuti mikangano ya ofusaidi si ya mtundu umodzi, ndipo kuizindikira kumathandiza kudziwa imene ingathe ndi imene singathe. Mtundu woyamba ndi wa kusadziwa lamulo, monga pa nkhani ya Vela kapena ya wosewera wolandira mpira woponyedwa kuchokera m'mbali, ndipo umatha munthu akangowerenga lamulo la nambala 11. Mtundu wachiwiri ndi wa maso, ndipo umachepa ndi maphunziro, kulimba kwa thupi ndi kuima pamalo oyenera. Kuti luso limeneli lingafike patali zinaoneka pa 11 Febuluwale 2024, pamene Diana Chikotesha wa ku Zambia ananyamula mbendera m'masewera omaliza a chikho cha maiko a mu Africa pakati pa Ivory Coast ndi Nigeria ku Abidjan. Mtundu wachitatu ndi wa kutanthauzira, wokhudza kutchinga maso a golokipa ndi kusewera mwadala, ndipo umenewu kamera singauthetse, chifukwa lamulo lenilenilo linausiya m'manja mwa munthu.

Pamwamba pa mitundu itatuyi pali chikondi cha timu, chimene chimachititsa kuti pa chithunzi chimodzi chokayikitsa ochemerera a mbali ziwiri aone zinthu zosiyana, aliyense mochokera pansi pa mtima. Wofuna kuweruza chigamulo mwachilungamo ayenera kuyamba ndi kudzifunsa ngati anaona kamphindi kamene mpira unachoka kuphazi, ngati anawerenga adani awiri osati mmodzi, ndiponso ngati malo amene anakhala anali pamzere. Pabwalo lafumbi la ku Chaisa, mafunso omwewo ayenera kufunsidwanso za woyimbira, ndipo kawirikawiri yankho limakhala lakuti anali mamita 20 kumbuyo kwa mpira, akuthamanga, popanda mbendera yoti ayang'ane.